Mphatso ya mwana wa otizimu wodana ndi phokoso

"Mwana wa mchemwali wanga ali ndi otizimu, akukwanitsa zaka 5 mwezi wamawa. Akamva phokoso amatseka makutu n'kuyamba kulira. Ndimugulire chiyani choti asangalale nacho?"

Mayi, otizimu ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza momwe mwana amalankhulira, amachezera ndi anthu ndiponso amamvera zinthu monga phokoso. Ana ambiri otere chimene chimawasautsa kwambiri ndi phokoso lodzidzimutsa, lomwe sangathe kulizimitsa okha. Mwana yemweyo akhoza kumamenya poto ndi supuni uku akuseka, koma kagalimoto ka mabatire kakangoliza sayirini mwadzidzidzi, tsiku lonse lasokonekera. Choncho funani chinthu chomwe sichilira pokhapokha iye atafuna. Zidole za pakaunjika muzizitobwanya mabatani onse pamsika pomwepo musanalipire. Mabaluni asiyeni, kuphulika kamodzi n'kokwanira kumuthamangitsa paphwando lake lomwe. Wina akabweretsa chidole choimba, ingochotsani mabatire, kapena matani selotepi pomwe patulukira mawupo.

Ine ndikanasankha zosewera ndi manja. Gulani beseni laling'ono, thiranimo mpunga wosaphika makilogalamu 2, muikemo makapu apulasitiki, supuni ndi fanulo, kenako mukwiriremo tizidole tiwiri titatu toti azifukula. Kuthira ndi kukhuthula mobwerezabwereza kumawakhazika mtima pansi ana ambiri. Nyemba ayi, zimalowa m'mphuno ndi m'makutu. Ngati amaikabe zinthu mkamwa, ikani madzi m'malo mwa mpunga, ndipo munthu wamkulu asachokepo.

Dongo loumbira mukhoza kupanganso nokha: makapu 2 a fulawa, kapu 1 ya mchere, kapu 1 ya madzi ndi masupuni 2 a mafuta ophikira, n'kukanda mpaka lisiye kumata. Likamanandabe onjezani fulawa. Mchere wake ndi wambiri, asadye. Komatu ana ena odana ndi phokoso amanyansidwanso ndi zomata m'manja, ndiye afunseni mayi ake. Ngati amakana kugwira nsima yofewa kapena matope, dongolo mungotaya nalo nthawi, bola mabuloko amatabwa oti azindandalika.

Ndalama ikalola, onjezani zotchingira makutu za ana, zija zooneka ngati mahedifoni koma zopanda waya. Zimathandiza kutchalitchi kokhala ndi zokuzira mawu, paukwati, ndi usiku wa makombola pa Chaka Chatsopano. Asamavale tsiku lonse, chifukwa makutu akazolowera bata phokoso limayamba kumupweteka kuposa kale. Ayambe kuziyesa kunyumba kwa mphindi zochepa, osamukakamiza.

Kaperekedwe nakonso kamawononga mphatso yabwino. Musamupatse pakati pa gulu anthu akuimba ndi kuwomba m'manja. Kamusiyireni pamkeka m'chipinda chomwe anachizolowera, osakulunga m'mapepala ofwafwaza, inu mukhale chapatali n'kumasewera nacho nokha pang'ono. Akatembenuza nkhope, kutseka makutu kapena kuchikankha, chichotseni mudzayesenso tsiku lina. Akangondandalika makapu aja osakhudza mpunga, musamukonze, ndiye kusewera kwakeko.