Nkhope ya munthu wotchuka kapena mfundo: chimagulitsa n'chiyani?

"Ndimapanga mafuta odzola. Mnzanga akuti ndilipire munthu wotchuka kuti aoneke pa chithunzi chotsatsira malonda, koma ine ndikuona kuti kufotokoza ubwino wa mafutawo n'kokwanira. Akulondola ndani?"

Zikomo polemba. Yankho lagona pa amene akuona chithunzicho, ngati nkhaniyo ikumukhudza kapena ayi.

Akatswiri awiri a ku Amereka, a Richard Petty ndi a John Cacioppo, anafotokoza kuti uthenga umamufika munthu kudzera m'njira ziwiri. Akakhala ndi chifukwa choganizira, komanso mpata ndi nzeru zomvetsera, amasinkhasinkha mfundo iliyonse. Imeneyi ndi njira yapakati. Chimodzi mwa izi chikasowa, amatengeka ndi zapamwamba monga nkhope yodziwika kapena kanyimbo kokoma. Imeneyi ndi njira yam'mbali.

Mu 1983 iwo pamodzi ndi a David Schumann anayesa zimenezi pa ophunzira a payunivesite pogwiritsa ntchito chithunzi chotsatsa lezala yometera. Ena anauzidwa kuti lezalayo iyamba kugulitsidwa m'dera lawo, ndipo pomaliza adzasankha lezala ngati mphatso. Anzawo anauzidwa kuti igulitsidwa kutali, mphatso yawo n'kukhala mankhwala otsukira mano. Zithunzi zina zinali ndi akatswiri amasewera, zina anthu wamba. Zina zinali ndi mfundo zamphamvu, monga zakuti lezalayo siichita dzimbiri ndipo chogwirira chake sichiterera. Zina zinali ndi mfundo zopanda pake, monga yakuti imayandama m'madzi.

Amene ankayembekeza kusankha lezala anatsata mfundo: zamphamvu zinawakopa, zofooka zinawagwetsa ulesi, ndipo akatswiri amasewera aja sanasinthe zambiri. Amene nkhaniyo sinkawakhudza ndi omwe anakopeka ndi nkhope zotchuka.

Chimene ambiri amaphonya ndi ichi. Mtima wokopedwa kudzera m'njira yam'mbali suchedwa kutembenuka. Wopikisana nanu akabwera ndi nkhope yotchuka kuposa yanuyo, ogula amapita naye. Wokhutira ndi mfundo amakhalitsa, ndipo zimene akuganiza zimafanana kwambiri ndi zimene adzachite pogula. Koma samalani: munthu amene akuganiza mozama mukamupatsa mfundo yofooka, amayamba kukutsutsani mumtima, bola mukanangokhala chete.

Tsono kwa inu, mayi amene mwana wake khungu likuyabwa adzawerenga zonse zimene mwathira m'mafutawo. Kwa iyeyo lembani mfundo zenizeni, ziwiri kapena zitatu. Wongodutsa pa foni sawerenga, apo mnzanuyo ali ndi mfundo. Komanso munthu wa khungu losalala pa chithunzi cha mafuta angathe kukhala umboni kwa woganiza mozama, pomwe yemweyo potsatsa matayala ndi chokongoletsa chabe.

Musanawononge ndalama, onetsani chithunzicho kwa anthu angapo, mawa lake muwafunse zimene akukumbukira. Akatchula wotchukayo koma osakumbukira dzina la mafuta, ndiye kuti mwatsatsa iyeyo.