Kachilonda ka pakhutu ka mlongo wanu wachialubino

"Mlongo wanga ndi wachialubino, zaka 19, amagulitsa tomato pamsika. Pakhutu pali kankhanambo kakumachoka nkubweranso, miyezi iwiri tsopano. Nurse wina anati tizimujambula khungu koma sindikudziwa kuti pati. Ndithandizeni abale."

Achemwali, ka pakhutuko musadikire nako zithunzi ayi, mupite naye kuchipatala cha boma sabata yomwe ino. Chilonda wamba chimapola pa masabata atatu kapena anayi, ndiye chikamauma nkusendeka nkubwereranso pomwepo, makamaka pakhutu kapena pamlomo wammunsi, chimafunika aone a zakhungu. Mukafika muwauze kuti chatenga miyezi iwiri, akalembe mbuku, ndipo akangokupatsani mafuta opaka basi mufunse za kiliniki ya khungu kapena kalata yopitira kuchipatala chachikulu ngati Queens kapena KCH. Kakakhala kongoyamba amakaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri aja a nayitrojeni, mphindi zochepa zatheka. Akakakayikira amadula kachidutswa kukayeza ku labu. Pamenepo mpophweka, kusiyana ndi kudikira mpaka mwanabere atatupa mkhosi.

Anthu ambiri amachita mantha ndi timadontho takuda tija timatuluka kumaso ndi mmikono. Tija timangoonetsa kuti dzuwa lamuwotcha kwa nthawi yaitali, kawirikawiri si khansa, ngakhale kena kakamakula kapena kusintha mtundu kaonetsedwe. Khansa yomwe imavuta kwambiri anthu achialubino kuno kwathu siyamba yakuda. Imayamba ngati kamalo kofiirira kokhakhala, mukadutsitsa chala kamamveka ngati sandipepa, nthawi zina chala chimayamba kukamva maso asanakaone. Si tonse timasanduka khansa koma palibe angadziwe kuti ndi kati, nchifukwa chake amatichotsa msanga.

Tsono kujambulako. Kamodzi pamwezi nkokwanira, musankhe tsiku limodzi monga pa 1. Yambani ndi makutu onse, pamwamba popindika paja ndi kuseri komwe, iye yekha sangadzione. Kenako mlomo wammunsi, mphuno, pachipumi ndi masaya, kumbuyo kwa khosi, pachifuwa pomwe kolala imatseguka, kuseri kwa manja ndi mikono mpaka mchigongono. Poti amakhala pansi pamsika muonenso miyendo ndi pamwamba pa mapazi ngati amavala masilipasi, komanso pamutu ngati amameta mpala.

Mujambulire pakhonde masana, pamthunzi koma powala, opanda fulashi chifukwa pakhungu loyera fulashi imafufuta kufiira konse. Mafoni ambiri ali ndi zosalalitsa nkhope zija zolembedwa Beauty, muzimitse, apo ayi kamalo kokhakhala kasowa pachithunzi. Malo aliwonse zithunzi ziwiri, china chapatali kuti zidziwike kuti ndi khutu lamanja kapena lamanzere, china chapafupi mutayika rula yakusukulu pambali. Tiyerekeze kuti pa 1 Juni kamalo kanali mamilimita 4 kosalala m'mbali, pa 1 Julayi kafika 7, m'mbali mwatukuka mwalimba, pakati pakumatuluka magazi akamasamba. Apo chithunzi cha Ogasiti musachidikirenso, mwanyamuka, ndipo dokotala akaona ziwirizo moyandikana sangati tiyeni tione kaye. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document kuti chisafwifwe. Koma chonde osaponya mgulu muno zithunzi zoonetsa nkhope ndi komwe mumakhala, tonse tikudziwa zomwe abale athu achialubino akhala akukumana nazo mdziko muno.

Za dzuwa, ine ndimaona kuti chovala chimaposa mafuta oteteza kudzuwa chifukwa mafuta amatha komanso kuchipatala nthawi zina amasowa. Kapu ya kutsogolo kokha ija ndi imene imasiya makutu ndi khosi pamtetete, mwina ndi yomwe amavala eti? Mumupezere chipewa chotambalala mbali zonse, ndi shati ya manja aatali ya kolala. Pa kaunjika muziikweza kudzuwa, ngati kuwala kukudutsa kwambiri isiyeni. Benchi yake ya tomato ikhale ndi denga kapena ambulera yaikulu, makamaka kuyambira 10 koloko mpaka 4 madzulo, ndipo kukachita mitambo asavule chipewa, cheza chowotchacho chimadutsabe.

Mafuta akhale olembedwa SPF 50, akasowa osachepera 30. Azipaka mphindi 20 asanatuluke nkubwerezanso pakatha maola awiri alionse kapena akatuluka thukuta kwambiri, osati kammawa kokha. Kumaso, makutu ndi khosi pamafunika pafupifupi tiyisipuni imodzi, ambiri amapaka pang'ono kuti botolo lichedwe kutha ndiye chitetezo chimachepa. Vaselini sateteza kudzuwa olo pang'ono. Mafutawa mzipatala za boma amayenera kuperekedwa ulere, mukapeza atha funsani a bungwe la anthu achialubino la APAM a m'boma lanu, amadziwanso masiku omwe kiliniki ya khungu ikubwera kufupi ndi kwanu.