Madeti ndi ndalama m'kalata ya Chifalansa

"Alamu, bungwe limene timagwira nalo ntchito lapempha kuti tiyankhe kalata yawo m'Chifalansa. Wotanthauzira wamasulira mawu onse, koma deti la 03/04/2025 ndi ndalama zokwana $12,500 wazisiya mmene zinalili m'Chingerezi. Kodi manambala nawonso amafunika kusintha, kapena nambala ndi nambala basi?"

Alamu, mwachita bwino kufunsa kalatayo isanapite. Kuchuluka kwa ndalamazo ndi tsiku lenilenilo siziyenera kusintha, koma kalembedwe kake kayenera kutsata mmene wolandira kalatayo anazolowerera kuwerenga, ndipo mmene zililimu zonse ziwiri zingathe kumveka molakwika.

Ndiyambe ndi ndalamazo, chifukwa ndi zimene zandidetsa nkhawa kwambiri. M'Chingerezi, mpatuliro, kachizindikiro kaja ambiri timangoti koma, umalekanitsa masauzande, ndipo kadontho ndi kamene kamasonyeza kuti apa payambira masenti. M'Chifalansa sizili choncho, pakuti mpatuliro ndi umene umagwira ntchito ya kadontho kaja, ndipo masauzande amawalekanitsa pongosiya kampata. Ndiye munthu wa ku Falansa akaona 12,500 pakati pa ziganizo za chilankhulo chake, maso ake amawerenga 12 ndi theka, osati masauzande 12 ndi theka. Mwina mukuganiza kuti munthu wanzeru angazindikire yekha kuti bungwe silingapemphe madola 12 okha, ndipo nthawi zambiri amazindikiradi. Koma kalata zotere sizithera m'manja mwa munthu mmodzi. Zimapita kwa wowerengera ndalama amene amangokopera nambalayo mu kompyuta, ndipo kompyuta yochunidwa Chifalansa imalandira 12,500 ngati 12 ndi theka popanda kudandaula chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti nambala yokhala ndi masenti, monga 12,500.75, si yoopsa kwenikweni, chifukwa zizindikiro ziwirizo zikaonekera pamodzi wowerenga amadziwa kuti chomalizacho ndicho cha masenti. Yoopsa ndi imeneyi yanuyi, ya chizindikiro chimodzi chotsatiridwa ndi manambala atatu, popeza palibe chimene chikumuchenjeza munthu kuti aime kaye. Choncho wotanthauzirayo alembe 12 500, ndi kampata pakati, ndipo pakanakhala masenti akanalemba 12 500,75.

Chizindikiro cha ndalama nachonso chimasamuka. Achingerezi amachiika patsogolo pa nambala, pamene Afalansa amachiika pambuyo pake atasiya kampata. Komabe ine sindingakulangizeni kuti mungolemba $ yekhayo, chifukwa Amereka, Kanada ndi mayiko ena angapo onse amatcha ndalama zawo dola. Lembani 12 500 USD, pogwiritsa ntchito zilembo zitatu zimene mabanki a pa dziko lonse lapansi amazidziwa, ndipo wa ku banki aliyense adzadziwa kuti ndi madola a ku Amereka. Apa ndikuchenjezeni pa cholakwa chimene anthu ofuna kuthandiza amakonda kuchita. Amaganiza kuti popeza kalatayo ikupita kwa anthu ogwiritsa ntchito yuro, ndi ulemu kusintha madolawo kuti akhale mayuro. Musalole zimenezo. Anakupemphani kusintha chilankhulo, sanakupempheni kusintha ndalama zimene munagwirizana, ndipo mtengo wosinthira ndalama umayenda tsiku ndi tsiku, moti nambala imene mungalembe lero idzakhala itasiyana ndi ya tsiku lolipira. Ngati iwowo atafuna kuona mayuro, muwalembe pambali pa madolawo, ndipo mutchule mtengo umene mwasinthira ndi tsiku limene munautenga.

Tsopano deti lija. Musanaganize za mmene lilembedwere m'Chifalansa, yambani mwatsimikiza kuti 03/04/2025 ndi tsiku liti, chifukwa zimatengera amene analilemba poyamba. Wa ku Mangalande amayamba ndi tsiku, ndiye kwa iye ndi pa 3 Epulo. Wa ku Amereka amayamba ndi mwezi, ndiye kwa iye ndi pa 4 Malichi. Afalansa amayamba ndi tsiku, choncho detilo likasiyidwa chonchi adzawerenga 3 Epulo mosakayika. Tsono popeza ndalama zanuzo ndi madola a ku Amereka, ndikukayikira kuti mwina chikalata chimene munatengamo detilo chinalembedwa kumeneko, ndipo ngati zili choncho mungasiyane nawo pafupifupi mwezi wathunthu popanda wina wozindikira.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Yang'anani madeti ena m'chikalata chomwecho mpaka mupeze lokhala ndi nambala yoposa 12. Mukaona 25/04/2025 ndiye kuti wolembayo amayamba ndi tsiku, ndipo mukaona 04/25/2025 ndiye kuti amayamba ndi mwezi, popeza kulibe mwezi wa 25. Ngati mulibe deti lotero, onani ngati anatchula tsiku la sabata, pakuti pa 3 Epulo 2025 linali Lachinayi pamene pa 4 Malichi linali Lachiwiri. Zonsezi zikakanika, funsani mwiniwake wa chikalatacho, musalote.

Mukatsimikiza, mweziwo ulembedwe m'mawu. Wotanthauzirayo alembe le 3 avril 2025 kapena le 4 mars 2025, ndipo musamukonze mukaona kuti dzina la mwezi layamba ndi chilembo chaching'ono, chifukwa m'Chifalansa ndi mmene amalembera. Ngati detilo lili m'kabokosi ka tebulo mopanda malo a mawu, pali kalembedwe ka ISO 8601 koyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, motere 2025-04-03, ndipo kameneko n'kovuta kukamva molakwika. Koma akakhala kuti atumiza fomu yawo yolembedwa JJ/MM/AAAA, tsatirani fomuyo, pakuti zilembozo zikutanthauza tsiku, mwezi ndi chaka m'ndondomeko imeneyo.

Pali funso limodzi limene ndikanakonda mufunse wotanthauzirayo, ndipo ndi lakuti kalatayo ikupita dziko liti, chifukwa dzina la chilankhulo palokha silikwanira. Zimene ndafotokozazi n'zogwira ku Falansa ndi kwa olankhula Chifalansa a ku Kanada, koma ku Switzalande kawirikawiri ndalama amazilemba ndi kadontho pa masenti, ngakhale m'chikalata cha Chifalansa. Akanapempha Chijeremani, nambala yomweyo ikanalembedwa 12.500, imene inuyo mukanaiwerenga ngati 12 ndi theka. Ndikudziwa kuti ndalama zanu sizinafike pa mabiliyoni, koma tsiku lina mudzalemba lipoti lotchula nambala zazikulu, ndipo mudzakumbukire kuti chimene ife timatcha biliyoni, Afalansa amati milliard, pamene liwu lawo lakuti billion ndi lalikulu kuwirikiza 1,000.

Pali manambala ena amene wotanthauzirayo asawakhudze n'komwe, monga nambala ya akaunti ya ku banki, nambala ya pangano ndi nambala ya kalata imene mukuyankha. Amenewo si owerengera zinthu, ndi mayina, ndipo akawonjezeramo kampata kapena kuchotsamo ziro woyambirira, kalata yanu singapezeke m'mafayilo awo. Akamaliza kukonza, munditumizire tsamba la tebulo la ndalamazo ndilione, chifukwa m'matebulo ndi mmene nambala zakale zimakonda kutsalira pamene ziganizo zonse zakonzedwa.