Domeni yatha nthawi: webusayiti ndi imelo zili kuti, ndipo mwatsala ndi masiku angati?

"Zikomo achimwene. Ndili ndi kampani yaing'ono ku Lilongwe ndipo domeni yathu ya .com inatha pa 3 Marichi chifukwa khadi ya kubanki inakana kulipira madola. Lero pa 20 Marichi webusayiti ikungoonetsa zotsatsa malonda za eni ake, imelo sizikulowa, koma nditafufuza ndaona kuti deti lothera ndi la chaka chamawa. Kodi zinthu zathu zafufutika? Nanga ndingadikire mpaka kumapeto kwa mwezi?"

Mayi, zinthu zanu sizinafufutike, koma musadikire kumapeto kwa mwezi. Deti la chaka chamawalo lisakupusitseni, silikutanthauza kuti wina wakulipirirani.

Domeni ndi dzina chabe. Masamba a webusayiti, zithunzi ndi makalata onse amene munalandira kale ali pa seva ya kampani imene imakusungirani zinthuzo, ndipo lendi ya sevayo ndi ina, ngakhale mutakhala kuti zonse munagula kwa kampani imodzi. Chimene chaduka ndi njira yolondolera anthu kuchoka pa dzina kukafika pa sevayo, imene amaitcha DNS. Ngati lendi ya seva munalipira, zonse zili momwe munazisiyira.

Pa dzina la .com pali makampani awiri amene akukhudzidwa. Yoyamba ndi Verisign ya ku America, imene imasunga kaundula wa mayina onse a .com. Yachiwiri ndi rejisitara wanu, kampani imene munagulako dzinalo. Tsiku lothera likakwana, Verisign siyembekezera ndalama zanu: imawonjezera yokha chaka chimodzi m'kaundula n'kulemba ngongoleyo kwa rejisitara. Ndi chifukwa chake mwaona chaka chamawa. Rejisitara amapatsidwa masiku osapitirira 45 oti asankhe chochita. Mukalipira, chakacho chimakhala chanu. Mukapanda kulipira, amafufuta dzinalo ndipo Verisign imamubwezera ndalama zake. Masiku amenewa ndi amene amatchedwa nthawi yachisomo, ndipo mmenemo ndi momwe muli panopa, pa tsiku la 17.

Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Masiku 45 aja ndi a rejisitara, si anu. Iye ndi amene amasankha kuti akupatsani angati, ndipo amalemba zimenezo mu mgwirizano umene tonse timangodina kuvomera osawerenga. Wina amapereka masiku 30, wina 40, wina amayamba kulipiritsa chindapusa milungu itatu isanakwane. Choopsa kwambiri n'chakuti marejisitara ambiri akuluakulu amaika dzina lotha nthawi pa okushoni masiku 45 aja asanathe. Wina akaligula kumeneko, dzinalo silifufutidwa m'kaundula, limangosamukira kwa mwini watsopano, ndipo gawo lowombola limene nditchule kutsogoloku silifika n'komwe. Dzina lakale lokhala ndi anthu ambiri olowa pa webusayiti yake ndi limene ogula oterewa amalisaka.

Zotsatsa malonda zimene mukuonazo ndi ntchito ya rejisitara, si kuti mwaberedwa. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 31 Ogasiti 2013 la ICANN, bungwe loyang'anira mayina ngati .com, .org ndi .net, limati rejisitara akukumbutseni patatsala mwezi umodzi, akukumbutseninso patatsala sabata imodzi, ndipo kenaka m'masiku asanu dzina litatha. Lamulo lomwelo limamuuza kuti adule njira ya DNS kwa masiku osachepera asanu ndi atatu omaliza dzina lisanachoke m'manja mwanu, kuti mwini wake adzidzimuke. Ambiri samadikira masiku omalizawo, amadula tsiku loyamba kapena lachiwiri, n'kulondolera dzinalo ku tsamba lawo la zotsatsa. Kudukako sikuoneka nthawi imodzi paliponse, chifukwa maseva a makampani a intaneti amasunga yankho lakale kwa kanthawi, mpaka maola 48 pa .com. Choncho wina wa pa netiweki ina amatha kunena kuti webusayiti ikutseguka bwinobwino pamene kwa inu yafa.

Ine nkhawa yanga yaikulu ili pa imelo. Webusayiti ikabwerera imabwerera yonse, koma kalata imene inalephera kulowa yapita. Munthu akakutumizirani imelo, seva yake imafunsa DNS kuti makalata a dzinali amapita kuti, ndipo yankho lili mu kalembera wotchedwa MX. Panopa MX wanu palibe, chifukwa DNS ya rejisitara yolondolera ku zotsatsa ilibe chifukwa chomusungira. Seva yotumiza ikasowa MX imayesa kugogoda pa adiresi ya webusayiti, kumene kulibe wolandira makalata. Imasunga kalatayo n'kumayesabe, kawirikawiri kwa masiku anayi kapena asanu, kenaka imaibweza kwa mwini wake ndi uthenga woti yalephera. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: mukalipira lero, makalata otumizidwa dzulo ndi dzana akhoza kulowabe okha, koma a pa 5 kapena pa 10 Marichi anabwerera kalekale ndipo palibe seva imene idzawatumizenso. Ngati munkayembekezera oda kapena kotesheni m'masiku amenewo, imbani foni muwapemphe atumizenso. Anthu ambiri sawerenga uthenga wa kalata yobwerera, amangoganiza kuti mwawanyalanyaza.

Palinso vuto lina la imelo limene limatsekera anthu kunja. Ngati adiresi imene munalembetsera kwa rejisitara ili pa domeni yomweyo, chikumbutso chachitatu chija chinapita ku bokosi lakufa, ndipo mukaiwala pasiwedi, uthenga wosinthira pasiwedi upitanso komweko. Zikatero muyenera kulankhula ndi rejisitara ndi kutumiza chiphaso. Mukangolowa, sinthani adiresiyo ikhale ya kwina, monga ya Gmail.

Kuti mudziwe pomwe muli, musayang'ane deti, yang'anani mawu osonyeza momwe dzina lilili. Lowani pa lookup.icann.org mulembe dzina lanu, kapena amene amakuthandizani za makompyuta alembe izi, m'malo mwa example.com aike dzina lanu:

```
whois example.com
nslookup -type=ns example.com
nslookup -type=mx example.com
```

Mukaona `autoRenewPeriod`, muli m'nthawi yachisomo ndipo kawirikawiri mulipira mtengo wa pachaka womwe uja. Mukaona `clientHold`, rejisitara walichotsa dzinalo mu DNS, koma likadali m'manja mwake ndipo mungathe kulipira. Mukaona `redemptionPeriod`, nkhani yasintha.

Tiyerekeze kuti rejisitara wanu amafufuta pa tsiku la 40 ndipo palibe amene wagula dzinalo pa okushoni. Kuwerenga kuchoka pa 3 Marichi, tsikulo ndi 12 Epulo. Kuyambira pamenepo dzinalo limalowa m'nthawi yowombola, imene ndi masiku 30 enieni, mpaka pa 12 Meyi. Verisign imalichotseratu mu DNS, moti ngakhale tsamba la zotsatsa lija limasowa. Wolowa amangouzidwa kuti dzinali kulibe, ndipo imelo zimabwerera nthawi yomweyo osadikira masiku asanu aja. Munthu wina sangalilembetse, koma inunso simungangodina batani lolipira ngati kale. Rejisitara yemweyo ndi amene ayenera kupempha Verisign kuti ilibwezeretse, ndipo simungasamukire kwa rejisitara wina wotchipa muli m'gawo limeneli. Mtengo wake umapweteka: marejisitara ambiri amalipiritsa pakati pa madola 80 ndi 150, kuwonjezera pa ndalama ya pachaka imene pa .com imakhala madola 10 mpaka 20. Kwa munthu amene khadi yake inakana madola 15, kupeza madola 100 si masewera. Pempho likapita, mudzaona `pendingRestore` kwa kanthawi kufikira rejisitara atamaliza zolemba zake.

Masiku 30 akatha, dzina limakhala pa `pendingDelete` yokha kwa masiku asanu, m'chitsanzo chathu mpaka pa 17 Meyi. Apa palibe ndalama kapena kudandaula kumene kungalibweze. Kenaka limamasulidwa kuti aliyense alilembetse. Ena amati bola kungodikira limasuke n'kuligulanso pa mtengo wotsika, kupewa chindapusa chowombolera. Ine sindingakulangizeni zimenezo pa dzina la bizinesi. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kulanda mayina m'sekondi yomwe amasulidwa, ndi makompyuta otumiza mapempho ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo munthu wodina ndi chala sangapikisane nawo. Komanso ndiye kuti mwakhala miyezi iwiri ndi theka opanda imelo.

Dzina likapita kwa wina, zimakhala ngati bokosi la ku positi ofesi limene lapatsidwa kwa munthu watsopano pamene makalata olembera inu akubwerabe. Mwini watsopanoyo angathe kuika MX wake n'kulandira chilichonse chotumizidwa ku maadiresi anu akale. Makalata akale sangawaone, ali pa seva yanu, koma atsopano onse ndi ake, kuphatikizapo uthenga wosinthira pasiwedi ya Facebook ya kampani kapena akaunti ina iliyonse imene munatsegulira adiresiyo. Angathenso kulembera makasitomala anu ngati ndi inu n'kuwapatsa nambala ina ya akaunti ya kubanki.

Masiku onse ndatchulawa ndi a mayina ngati .com, .net ndi .org. Mayina a mayiko, monga .mw imene imayendetsedwa ndi bungwe la Malawi SDNP, kapena .zm ndi .co.za, samangidwa ndi lamulo la ICANN lija. Dziko lililonse lili ndi ndondomeko yake, ndipo mwini dzina lotere afunse kumene analembetsa.

Tsono chochita lero. Lowani mu akaunti ya kwa rejisitara mulipire, ndipo ngati khadi ikukanabe, akauntiyo imalola kuika khadi ina, kaya ya m'bale wanu amene ali kunja. Kulipira ndi khadi ya wina sikusintha mwini dzina. Ngati dzinalo analembetsa ndi amene anakupangirani webusayiti ndipo lili mu akaunti yake, ndi iye yekha amene angalipire, choncho mumuimbire lero lomwe, ndipo zikatheka mumuuze alisamutsire ku akaunti yanu. Mukalipira, lamulo limati rejisitara abwezeretse DNS yanu mwamsanga, koma musangokhulupirira. Lembaninso malamulo awiri a `nslookup` aja muone ngati maseva a DNS a dzina lanu abwerera ku akale ndiponso ngati MX watuluka. Nthawi zina, makamaka dzina likachoka kowomboledwa, zolembedwa za DNS zimabwera zopanda kanthu ndipo pamafunika kuzilembanso kuchokera kwa amene amakusungirani imelo. Webusayiti ikhoza kutseguka MX kulibe, inu n'kumaganiza kuti zonse zatheka. Dzitumizireni kalata kuchokera ku adiresi ya kwina muone ngati yalowa, kenaka muyankhe kuchokera ku adiresi ya kampani muone ngati yafika.