Akagona si ndiye kuti mwamaliza

"Anzanga, ndangoyamba kumene ntchito pa chipatala china chaching'ono kuno ku Ntcheu. Usiku abale akabweretsa munthu wolusa atamumanga zingwe, ndimubaye chiyani? Nanga akagona ndizimuona kangati? Lolazepamu timangomuwerenga m'mabuku, kuno kulibe."

Achemwali, jakisoni adikire kaye. Yambani ndi kuchepetsa gulu, chifukwa anthu khumi okuwa kuti "mugwireni!" ndi amene amakolezera moto. Atsale wachibale mmodzi amene wodwalayo amamumvera, alonda akhale chapatali. Inu imani chammbali, patali mikono iwiri, manja anu azioneka, ndipo khomo lisatsekeke kwa inu kapena kwa iye. Wolankhula akhale mmodzi. Mutchuleni chiwongo chake, mufunseni modekha kuti chavuta n'chiyani, mupatseni madzi kapena bulangete. Akati akumulondola afiti musatsutsane naye, ingonenani kuti mukuona kuti ali ndi mantha. Ambiri amavomera mapiritsi pamenepa, ndipo zikatero jakisoni safunikanso.

Akalola kukhudzidwa, yezani shuga, kutentha kwa thupi ndi malungo, mupapasenso kumutu ngati kuli bala. Wosadziwa kumene ali kapena kuti ndi usiku, muganizireni matenda a m'thupi musanati misala. Kachasu amatsitsa shuga, ndipo shuga akakhala pansi pa 4 (kapena 70 pa makina ena) mankhwala ake ndi gulukosi.

Zikakanika, ndipo akufuna kudzipweteka kapena kupweteka ena, ine ndimabaya mumnofu halopelidolo mamiligalamu 5 pamodzi ndi pulometazini mamiligalamu 25 mpaka 50. Okalamba ndi ofooka theka lake kapena kucheperapo, ndipo wodwala mtima halopelidolo apewedwe. Kulolopulomazini ndi amene amapezeka kwambiri m'makabati mwathu, koma amagwetsa bipi komanso amadzutsa khunyu, ndiye mukam'baya wodwala agone, asadzuke mwadzidzidzi. Dayazepamu mumnofu ayi, amalowa m'magazi mosadalirika.

Ndikuuzeni zimene ndinalakwitsa ndekha. Mnyamata wa zaka ngati 25 anabwera pa ngolo cha m'ma 10 koloko usiku, manja atatupa ndi linya, fungo la kachasu lili guu. Shuga 5.6, malungo palibe, thupi losatentha. Mapiritsi anandilavulira. Tinamugwira chagada, mmodzi akuyang'anira mutu (chafufumimba musayerekeze, munthu amabanika), ndinabaya halopelidolo 5 ndi pulometazini 25. Patapita mphindi 15 anali akutukwanabe, amalume ake ali pakhosi panga kuti "adokotala, onjezerani". Ndinagonja, n'kupereka dayazepamu mamiligalamu 10 mumtsempha. Anagona pompo, abale n'kuyamba kuyala zitenje pansi kuti nawo apume.

Chinamupulumutsa n'chakuti ndinkawerenga kapumidwe ndi wotchi m'manja, mphindi yathunthu. Poyamba 16, kenako 12, kenako 8, mkonono uli wa phokoso, milomo ikuchita mbuu. Ndinakweza chibwano, kutsegula njira ya mpweya, kuika okosijeni, n'kumupumitsa ndi ambubagi mpaka anabwerera pa 12. Fulumazenilo, wobweza mphamvu ya dayazepamu, tinalibe. Ndinalakwa pawiri. Jakisoni wa mumnofu amafuna mphindi 30 kapena kuposa musanaweruze kuti walephera, ndipo dayazepamu pamwamba pa mowa amafooketsa kupuma. Chosokoneza n'chakuti chidakwa chimene chasiya mowa masiku awiri atatu, chikunjenjemera, thukuta lili kamukamu, chikuona tizilombo pakhoma, chimenecho dayazepamu ndiye mankhwala ake.

Tsono za kangati. Malangizo a ku Mangalande a 2015 amati muzimuona ola lililonse kufikira nkhawa yanu pa iye itatha, koma mphindi 15 zilizonse ngati wagona kapena waledzera ndi mankhwalawo, wamwa mowa kapena kusuta chamba, ali ndi matenda ena, wapweteka pomugwira, kapena mlingo wadutsa malire. Odwala athu ausiku pafupifupi onse amagwera m'gulu lachiwirili. Lembani nthawi, kapumidwe, kugunda kwa mtima, bipi, kutentha, komanso ngati akudzuka mukamuitana. Mugonekeni chammbali, masulani zingwe, ndipo bulangete lisaphimbe nkhope ngakhale kuzizire ngati Tsangano mu Juni. Akakana kuyezedwa, kapumidwe kamawerengeka muli chapatali. Kakatsika pansi pa 10, kapena sakudzuka mukamutsina, musadikire mphindi 15 zina. Abale akhoza kukuitanani, koma kuwerenga ndi kwanu.

Kukacha kapena mawa lake muonenso khosi. Achinyamata aamuna ndi amene halopelidolo amakonda kuwapotola khosi, maso kutembenukira kumwamba, lilime kutuluka, abale n'kumati ziwanda zabwerera. Ngati akumeza mupatseni benzihekisolo mamiligalamu 5, ngati sakumeza pulometazini mumnofu. Koma thupi lonse likauma gwa, likutentha kwambiri, mtima ukuthamanga ndipo munthu wasokonekera, siyani halopelidolo ndi kulolopulomazini yemwe, ikani dilipi, itanani ambulansi apite ku chipatala cha boma nthawi yomweyo.