Thumba la makilogalamu 50, mpweya wotsekera pakhosi ndi matenda a mudzi

"Ndimakweza matumba a mpunga m'malole kuno ku Nkhotakota. Ndikagwira ntchito tsiku lonse, mudzi umatuluka mpaka ndiubweze ndi chala, ndipo nthawi zina umakha magazi. Kodi ndi matumbawa? Ntchito sindingaisiye, ndi imene ikudyetsa ana."

Achimwene, matumbawo ali ndi mbali yake, koma chimene chikukankha mudziwo kwambiri ndi zomwe mumachita ndi mpweya pa kamphindi kamene thumba likuchoka pansi. Zimenezo mungathe kuzisintha muli pantchito yomweyo.

Munthu aliyense ali ndi timapilo titatu ta mnofu wodzadza ndi mitsempha ya magazi mkati mwa njira ya chimbudzi, kumapeto kwenikweni. Timathandiza kuti khomo litsekeke bwino, ndipo timagwiridwa pamalo pake ndi timinofu ndi timinyewa tating'ono. Mudzi ndi timapilo tomweti tikatupa n'kuyamba kutsetsereka chifukwa zotigwira zija zamasuka.

Tsopano taonani zimene zimachitika mukawerama kuti munyamule. Mumakoka mpweya wambiri, n'kutseka pakhosi, n'kulimbitsa mimba. Chifuwa chadzadza ndipo mpweya ulibe potulukira, choncho mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba umakankhira pansi, pamene minofu ya pamimba ikufinya kuchokera kutsogolo ndi m'mbali. Mphamvu yonseyo imafuna pofooka, ndipo pofooka pali kumunsi. Pa nthawi yomweyo magazi amene amayenera kukwera kubwerera ku mtima amadodoma. Mitsempha ya pamalo amenewa ilibe tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo monga ilili ya m'miyendo, ndiye magazi amangodzadzana m'timapilo tija. Yang'anani mnzanu akamadzutsa thumba yekha: nkhope yafufuma, mitsempha ya pakhosi ndi pamphumi yaima njo. Kumunsi kukuchitikanso zomwezo, kungoti sikuoneka. N'chimodzimodzi ndi kudzikakamiza kuchimbudzi, popeza thupi limagwiritsa ntchito njira imodzi yomweyo.

Tiyerekeze kuti patsiku mumasenza matumba 100. Thumba lililonse lili ndi malo awiri obanikira: polichotsa pansi kufika paphewa, ndi poliponya pamwamba m'lole. Kumeneko ndi kukankha mudzi ka 200. Ngati kubanika kulikonse kumatenga masekondi 4, ndiye masekondi 800, kupitirira mphindi 13 za kudzikakamiza ndi mphamvu zonse tsiku limodzi. Palibe amene angakhale kuchimbudzi akukankha motero kwa mphindi 13 n'kudabwa kuti mudzi watuluka.

Nanga muchite bwanji? Imani pafupi ndi thumba, likhale pakati pa mapazi anu, chifukwa katundu akatalikira thupi mimba imafinya kwambiri kuti msana usagonje. Pindani mawondo, kokani mpweya pang'ono musananyamule, osati kudzadza chifuwa chonse, limbitsani mimba, kenaka pamene mukudzuka tulutsani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mano, "sssss", mpaka thumba litafika paphewa. Mvetsani apa, sindikuti mimba muilekerere. Mimba yolimba ndi imene imateteza msana. Chofunika n'chakuti pakhosi pakhale potsegula. Njira yodziyesera ndi yapafupi: werengani mokweza mawu, "chimodzi, ziwiri, zitatu", mukudzuka. Mawu akaduka pakati, mwatseka pakhosi. Asodzi amene amaimba pokoka khoka kunyanjaku amachita zoyenera ngakhale cholinga chawo chili chokokera pamodzi, chifukwa munthu sangaimbe atabanika.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Katundu akayandikira pamene mphamvu zanu zathera, thupi limatseka pakhosi lokha, mufune musafune. Ngati simungathe kudzutsa thumba la makilogalamu 50 kuchoka pansi mukuwerenga mokweza, ndiye kuti kwa inu panopa n'lolemera kunyamula nokha. Mbali yoopsa ndi yochoka pansi kufika m'chiuno. Gwirizanani ndi anzanu kuti awiri azikutwikani, inu muzingoyenda nalo, n'kumasinthana. Kapena tengani thumba pamulu wofika m'chiuno m'malo mwa pansi. M'lole mukhale munthu wolandira kuti musamaliponye. Ndipo lamba kapena chitenje chomanga zolimba pamimba, chimene ena amati chimapatsa mphamvu, chimangopatsa mimba poti itsamire kuti ifinye koposa. Kwa munthu wa mudzi n'chosathandiza.

Komabe ndinene mosabisa: kupuma bwino kokha sikungakuchiritseni ngati chimbudzi chili chouma. Kutentha kwa kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, munthu wonyamula katundu amataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo matumbo amayamwa madzi otsala m'chimbudzi mpaka chiume gwa. M'mawa mwadzikakamiza, mudzi watupa kale, kenaka mukupita kukaukankha ka 200. Khalani ndi botolo la malita 2 pantchito, mulimalize dzuwa lisanapendeke n'kudzadzanso. Mkodzo ukhale woyera, osati wachikasu chodera. Nsima ikhale ya mgaiwa kusiyana ndi ya ufa woyera, ndipo pambali pa usipa pazikhala nyemba, nandolo, chisoso, bonongwe kapena therere, ndi papaya kapena mango ikakhala nyengo yake. Chimbudzi chikakupezani pitani nthawi yomweyo, musadikire kuti lole idzadze, ndipo musanjutepo kupitirira mphindi 5.

Mudzi wamkati uli ndi magawo anayi. Woyamba umangokha magazi osatuluka, wachiwiri umatuluka n'kubwerera wokha, wachitatu umafuna chala, wachinayi subwereranso. Wanuwo uli pagawo lachitatu, ndipo pamenepa zimene ndafotokozazi zimachepetsa vuto ndi kuletsa kuti lisakule, koma timinyewa tomasuka tija sitibwerera mwakale tokha. Pitani kuchipatala akakuoneni. Pali njira yomanga mudzi ndi kamphira kuti ufote, ndipo ukakula pali opaleshoni. Mukalandira chithandizo chotere mudzafunika kupuma kaye kunyamula, ndipo masiku ake akakuuzani adokotala. Pakadali pano, ukatuluka muubweze msanga mutasamba m'manja, ndi mafuta odzola opanda fungo pachala, mutagona cham'mbali. Musanyamule thumba lina uli panja, chifukwa khomo limaufinya n'kutupa kwambiri.

Pali china chimene chimagwera anthu onyamula katundu mwadzidzidzi. Mwadzutsa thumba, ndipo pakangopita maola ochepa m'mphepete mwa khomo mwatuluka kachotupa kolimba ngati nzama, kakuda mobiriwira, kopweteka moti simungakhale pampando. Amenewo ndi magazi oundana pansi pa khungu. Musakabweze mkati, si kamkati, ndipo musakaboole ndi lumo kapena singano. Ululu umakula masiku awiri kapena atatu oyamba kenaka n'kumazilala, ndipo chotupacho chimatenga milungu ingapo kuti chithe. Mukafika kuchipatala maola 72 asanathe, angathe kukachotsa atabaya mankhwala ochititsa dzanzi. Kunyumba khalani m'beseni la madzi ofunda mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku, ndipo imwani panado. Asipirini amawonjezera kutaya magazi.

Magazi a mudzi amakhala ofiira kwambiri, odontha pomaliza kapena ooneka popukuta. Ngati asakanikirana ndi chimbudzi, ngati chimbudzi chili chakuda ngati phula, ngati mukuwonda, mukuchita chizungulire kapena m'zikhatho mwayera, musanene kuti ndi mudzi basi. Kwa ife okhala m'mbali mwa nyanja, likodzo la m'matumbo nalonso limatulutsa magazi m'chimbudzi, ndipo limadziwika akayeza chimbudzicho. Mukapita kuchipatala, muwauzenso adokotala ngati m'mphechepeche mumatuluka chotupa mukanyamula kapena mukatsokomola, n'kulowa mukagona chagada, chifukwa kubanika komweku kumakankhiranso matumbo kumeneko.