Nkhuku 5,000 zidzagona kuti?

"Ndinalemba pulani ya bizinesi ya nkhuku za nyama: chaka choyamba nkhuku 500 ulendo uliwonse, chachiwiri 5,000. Bambo amene amafuna kuikapo ndalama anangoona tsamba la manambala n'kunena kuti andiimbira. Mwezi watha tsopano. Ndinalakwitsa pati?"

Achimwene, kalata yanu yanditosa pachilonda. Inenso ndinanyamulapo pepala lotere, ndili m'jekete yobwereka, kupita nalo kwa mayi wina wamalonda, mnzawo wa amalume anga. Masamba a kutsogolo, amene ndinachezera nawo usiku, sanawawerenge n'komwe. Anapita kumapeto, n'kuika chala pomwe nkhuku zinadumphira, n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, zimenezi zidzagona kuti?"

Ndinati kukamwa yasaa. Nkhuku 10 zimafuna malo a mita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi. Khola langa linali la nkhuku 500 basi, ndipo m'pulani monse munalibe ndalama ya njerwa kapena lata limodzi. Kenako anatenga cholembera. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 pofika masabata 6, ndiye 500 zimatha matumba 40 a makilogalamu 50, pomwe 5,000 zimatha matumba 400. Onsewo umagula usanagulitse nkhuku ndi imodzi yomwe. "Ndalama ya matumba 400 ili patsamba liti?" Panalibe.

Ndinachoka nditakwiya, n'kumauza anzanga kuti anthu a ndalama sakonda achinyamata. Lero ndikuti mayiwo anandichitira chifundo. Sanadane ndi kukula kwa bizinesiyo. Chinawaopsa n'chakuti zogulitsa zinachuluka kakhumi pomwe khola, chakudya, antchito ndi thiransipoti zinaima chilili. Woika ndalama akaona zotere amadziwa kuti nambalayo inachokera mumtima, ndipo amayamba kukayikira zina zonse.

Ndipo zinazo zinalidi zowola. Ndinalemba kuti ndidzagulitsa mwezi ndi mwezi, ka 12 pa chaka, m'khola limodzi. Koma pa masabata 6 oweta uwonjezepo awiri otsuka ndi kupumitsa khola, ndiye pa chaka umakwanitsa maulendo 6 okha. Imfa sindinawerengereko, ngati kuti chitopa chimaopa pulani, chonsecho ngakhale wosamala amayembekezera kutaya anapiye 5 pa 100 alionse. Mtengo wa chakudya ndinauika umodzi zaka zitatu, m'dziko lomwe chimanga chimakwera Januwale aliyense! Amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sangakhulupirire mzere woongoka chotero. (Za anthu olemba "msika ulipo waukulu" osatchula wogula ndi mmodzi yemwe ndisayambe, tingafike mawa.)

Tsono inu, pambali pa nambala iliyonse lembani kumene mwaitenga: lisiti, kope la zogulitsa, kapena kalata ya lesitilanti yolonjeza kutenga nkhuku zingati pa sabata. Yopanda kwawo ichotseni. Chaka chachiwiri ikani nkhuku zimene khola ndi ogula anu angathe, mwina 1,000, muonetse phindu lotsala chakudya chitakwera ndi 30 peresenti, ndipo muwaimbire nokha bambowo.